Ntchito yobwereza ya Sitandade 8: tsirizani ndime ya mtsinje wa Shire

Werengani ndime yonse kaye musanalembe kanthu. Mpata uliwonse ukufuna liwu limodzi lokha. Muli ndi mphindi 10.

Mtsinje wa Shire (1) ______ m'nyanja ya Malawi ku Mangochi, kenako umadutsa m'nyanja ya Malombe. Madzi (2) ______ ndi amene amapukusa makina a magetsi ku Nkula, ku Tedzani (3) ______ ku Kapichira. Makina oyamba a ku Nkula (4) ______ kugwira ntchito mu 1966. Mvula (5) ______ kugwa mokwanira, madzi amachepa ndipo magetsi amazimazima. Mvuu (6) ______ zimakhala m'mtsinjewu zimatuluka usiku kukadya mbewu za alimi. Ukapitirira Nsanje, mtsinjewu umalowa m'dziko la Mozambique (7) ______ umakathira mu Zambezi.

Mayankho (musasuzumire musanamalize)

1. umachokera, kapena umayambira. Mwininkhani ndi "mtsinje", dzina la gulu la Mu-Mi, ndiye mgwirizanitsi wake ndi u-. Amene mwalemba "imachokera" mwakokedwa ndi liwu lakuti "nyanja" poti lili pafupi ndi mpatawo. Musamatengeke ndi dzina loyandikira, dzifunseni kuti chikuchita ntchitoyo n'chiyani. Za nthawi ya mneni, "umadutsa" wakuuzani kale kuti pakufunika -ma-.

2. ake. Madzi ndi a mtsinje umodzi, choncho "awo" n'kulakwa.

3. ndi, kapena komanso.

4. anayamba, kapena adayamba. Chaka cha 1966 chikutanthauza nthawi yakale, ndipo "makina" amatenga a-. "Inayamba" timaimva ndithu pocheza, koma onani kuti ndimeyi yanena kale "oyamba a ku Nkula", sinati "yoyamba ya".

5. ikapanda. Apa ndi pamene ambiri amagwa, chifukwa yankho lili kutsogolo kwa mpata. Madzi akuchepa, ndiye kuti mvula sinagwe bwino. Wolemba "ikayamba" walondola malamulo a chiyankhulo koma ganizo lake latembenuka: mvula ikayamba kugwa mokwanira madzi angachepe bwanji? Mbali yachiwiri ya chiganizo ikudalira yoyamba, n'chifukwa chake pali -ka-. "Ikalephera" ndi "ikasiya" alandiridwenso.

6. zimene, kapena zomwe. Dzina lakuti "mvuu" silisintha, imodzi ndi mvuu, khumi ndi mvuu. Chokuuzani kuti n'zambiri ndi zi- wa mu "zimakhala".

7. kumene, kapena komwe, poti tikunena za malo. "Ndipo" akukwananso bwinobwino, aphunzitsi musamudule mwana malikisi.

Mukadzaza mipata yonse, werenganinso ndimeyo chamumtima ngati mukuuza mnzanu nkhani. Pamene lilime lakodwa, fufutani, muyang'anenso mgwirizanitsi. Amene mwapeza osafika 5, lembani ziganizo zitatu zoyamba ndi "Mvula ikapanda" mubwere nazo Lolemba.