Chidziwitso: Chilolezo Chobwerera ku Ntchito Mutatsiriza Mankhwala a TB

Kwa Bambo Chisale, Gawo Losungira Katundu

Talandira kalata ya dokotala yotsimikiza kuti mwamaliza miyezi 6 ya mankhwala a TB ya m'mapapo osadumphitsa, ndiponso kuti makhololo oyezedwa m'mwezi wachisanu ndi kumapeto kwa wachisanu ndi chimodzi alibe tizilombo. Simungapatsirenso anzanu matendawa.

Choncho muyambe ntchito Lolemba likubwerali, 7:30 m'mawa. Milungu iwiri yoyamba muzigwira theka la tsiku, ndipo musalowe m'chipinda cha simenti, chifukwa fumbi limavutitsa mapapo omwe angochira kumene.

Mukayambanso kutsokomola, kutuluka thukuta usiku kapena kuwonda, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. TB imatha kubwerera. Za matenda anu tasunga mwachinsinsi.

Ine wanu,
Mayi Nkhoma
Woyang'anira Antchito