Kwa madalaivala onse: za makamera ndi mathilaka atsopano

Depoti ya Kanengo, Lilongwe
24 Febuluwale 2025

Akuluakulu nonse, ndakupatsani moni, amene muli pa depoti ndi inu muli panjira.

Ndalemba chifukwa mphekesera zachuluka, ena akuti tikuika makina omvera zomwe mumayankhula pa foni, ena akuti bwana azikuonerani mukugona. Ndiye ndati bola mumve kwa ine.

Kuyambira Lolemba pa 10 Malichi galimoto iliyonse ikalowa mu yadi aziikamo kamera ndi thilaka yatsopano, tiyamba ndi za ku Beira kenako za ku Dar, zam'dziko momwemuno zibwera kumapeto. Ntchitoyi ndi ya maola awiri basi, ulendo wa munthu suchedwa ndipo alawansi siyikhudzidwa.

Kamerayo ili ndi maso awiri. Lina limaona msewu kutsogolo, lina limaona mpando wa dalaivala, kuyambira pa chiongolero kufika kumutu ndi mbali ya mpando winawo. Ndikudziwa kuti diso lachiwirili ndi lomwe lakuwawani ndipo sindikukudabwani, kabini ija kwa inu si ofesi yokha, ndi momwe mumadyera, kusinthira zovala, kugona masiku angapo pa mzere ku Mwanza kapena ku Songwe mapepala asanatuluke. Ndiye mvetsetsani apa. Kamera yam'kati imajambula kiyi akakhala oni, mukazimitsa injini imapitiriza mphindi 5 kenako imazima yokha, kagetsi kofiira kali pansi pake kakazima dziwani kuti sikujambula. Bedi siliona, tawauza oikawo aikhazike moti katani ija ndiye malire, ndipo tsiku loika dalaivala wa galimotoyo adzakhale pomwepo, oikawo adzakuonetsani pa foni yawo chomwe kamera ikuona, mukaona bedi likutuluka musasaine, ndiimbireni. Chomwe muyenera kusamala nchakuti ena mumagona injini ikulira chifukwa cha kutentha kwa ku Tete, pamenepo kamera imakhala ili maso, ndiye tsekani katani, musamasinthire pa mpando.

Mawu sitikujambula. Mayiki alimo mu chipangizomo, zimenezo sindibisa, koma tauza kampani yoika iwatsekeretu ndipo zili mu mgwirizano womwe tasainirana. Muziimba nyimbo zanu, muzindinena mmene mumandinenera muja, sindimva.

Komanso palibe munthu amene adzakhale pa kompyuta tsiku lonse kumakuonerani ngati mpira, magalimoto 34 angawathe ndani, ndi bandulo yake tingaitenge kuti. Zojambulazo zimakhala mu kadi m'galimoto momwemo ndipo pakatha pafupifupi sabata zatsopano zimafufuta zakale. Chimabwera ku ofesi ndi kavidiyo ka masekondi 20 pakachitika chinthu, mabuleki adzidzidzi, kugunda, foni m'manja galimoto ikuyenda, lamba osamanga, kapena maso akatsekeka nthawi yaitali. Ikaona tulo imayamba yalira kabinimo kukudzutsani. Nthawi zina imanama ndithu, munthu wavala magalasi akuda kapena wangoyang'ana pa mila iyo nkuyesa wagona, nchifukwa chake palibe amene adzalangidwe chifukwa makina alira, kavidiyoko tidzaonera limodzi inu mulipo mufotokoze mbali yanu.

Thilaka ndi nkhani ina, iyo sigona. Usana ndi usiku, injini yozima kapena yolira, imationetsa pomwe galimoto ili, liwiro, pomwe yaima ndi nthawi yomwe yakhalapo, ndipo yatsopanoyi ili ndi sensa mu thanki yoonetsa dizilo. Netiweki ikasowa ngati m'madera ena a ku Mozambiki imasunga zonse nkutumiza ikapezanso netiweki, ndiye zoti kumeneko sitikuona iwalani. Imalondola galimoto osati munthu, mu foni zanu sitikuikamo kanthu, mukapaka pamalo ovomerezeka nkukwera kabaza kupita kwanu kapena kwina kulikonse izo si za kampani.

Ndikanatha kukuuzani kuti zonsezi tachitira inu nokha koma mukanadziwa kuti ndikunama. Zifukwa zilipo zingapo, a inshuwalansi akhala akutipanikiza, eni katundu ena sakupereka ntchito kwa opanda thilaka yamakono, dizilo naye wakhala akusowa mosadziwika bwino. Ndipo inde, kavidiyo kakaonetsa munthu akulemba meseji akutsika Chiweta ndi matani 30 kumbuyo, kapena wanyamula matola, kapena thanki yatsika malita 100 galimoto itaima usiku, tidzakagwiritsa ntchito pa mwambo motsata ndondomeko yathu yakale ija. Koma mbali inayo iliponso. Nonse mukudziwa mmene zimakhalira pa M1, minibasi ikudulirani kutsogolo kuti itole munthu, wa njinga akhota osayang'ana, anthu akasonkhana wolakwa amakhala wa thiraki basi chifukwa ndi yaikulu, ndipo iwe uli wekha ulibe mboni. Chaka chatha mnzathu wina anakhala miyezi laisensi ili m'mavuto pa ngozi yomwe tonse timadziwa kuti sanalakwe, pakanakhala kamera yakutsogolo nkhani ija ikanatha msanga.

Oona zojambulazi ndi anthu atatu okha, ine, wa zachitetezo ndi mkulu woona za antchito, aliyense ali ndi pasiwedi yake ndipo makinawo amalemba kuti watsegula ndani, liti. Akalaliki opereka maulendo aziona mapu okha. Timavidiyo tobwera ku ofesi tizisungidwa masiku 90 kenako tifufutidwa, kupatula ta ngozi kapena mlandu, timeneto tidikira nkhani ithe. Kunja tingapereke kwa a inshuwalansi pa ngozi, ndi kwa apolisi kapena khoti akabwera ndi pepala loyenera, osati wina wangoimba foni. Eni katundu aziona pomwe katundu wawo wafika, nkhope zanu ayi. Wa mu ofesi amene adzajambule sikirini nkuponya pa gulupu kuti anthu aseke, ameneyo mlandu wake ndi waukulu kuposa wa dalaivala wa foni uja. Ndipo poti ena mwandifunsa kumbali, akunyumba akaimba kufunsa kuti bambo agona pati usiku wathawu, sitinena, tidzangoti aimbireni eni ake, pokhapokha pakhale ngozi kapena matenda.

Izi si chifundo changa chabe. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza zinsinsi za munthu, komanso pali lamulo la 2024 loteteza uthenga wokhudza anthu lomwe a MACRA ndi amene amaliyang'anira. Muli ndi ufulu wopempha kuona kavidiyo kanu kapena zomwe tasunga zokhudza inu, kutiuza tikonze zikalakwika, ndipo mukaona kuti ife sitikukumvani mutha kukadandaula kumeneko.

Chomwe ndikupempha nchakuti kamera isaphimbidwe galimoto ikuyenda, kaya ndi chipewa kaya selotepi, osaitembenuza, osazula fuzi kapena waya, imatiuza yokha ikakhudzidwa. Ikavuta kapena ikamalira popanda chifukwa imbani tikonze. Mwezi woyamba ndi wozolowera, za lamba ndi zina zing'onozing'ono tizingokambirana osalemba mu failo, koma mowa, matola ndi dizilo zilibe mwezi wozolowera.

Loweruka pa 1 Malichi 9 koloko m'mawa tikumane mu shedi ya ku galaja, oikawo abwera ndi kamera imodzi muigwire, mufunse chilichonse, oimira antchito adzakhalaponso. Amene mudzakhale panjira tumizani mafunso kudzera kwa kapitawo wanu ndidzayankha limodzilimodzi. Fomu yosonyeza kuti mwawerenga kalatayi musasaine pano, mudzasaine msonkhano ukatha.

Muyende bwino,
Manijala wa zamagalimoto