Imelo Yakutsekerani Kunja? Malangizo kwa Makolo Athu a muno mu Harare

Amayi ndi abambo, Lamulungu lapitali tikutuluka m'tchalitchi ku Mbare, anthu atatu anandipatsira mafoni awo ndi dandaulo limodzi: imelo yakana kutseguka, pomwe kalata ya penshoni kapena ya ana a ku Joni ili momwemo. Ndalemba izi za Gmail, poti ndi imene ambiri a inu muli nayo.

Choyamba, musamangoyesa mapasiwedi ongoganizira kambirimbiri. Khalani pansi kunyumba, tengani foni yomwe mumatsegulirapo imelo masiku onse, osati ya mnansi. Google imaizindikira foni yanu ndi dera limene mumalowera, ndipo zimenezi zimakuthandizani kuti ikukhulupirireni.

Polowera pa Gmail, lembani adiresi yanu ya imelo, dinani Next, kenako dinani pamene alemba Forgot password? Mukhozanso kupita pa:

```
accounts.google.com/signin/recovery
```

Akakufunsani pasiwedi yomaliza imene mukuikumbukira, lembani ngakhale yakalekale. Kuyankha kuli bwino kusiyana ndi kudumpha funso.

Kenako adzakuonetsani manambala omalizira a foni imene munalembetsa potsegula imeloyo. Apa mpamene pagona nkhani. Yang'anitsitsani, valani magalasi ngati nkofunika. Ngati nambalayo ndi yanu ya +263 ndipo simu ili m'foni, vomerani. Meseji idzabwera ndi manambala 6, patsogolo pake pali G-. Lembani manambala okhawo.

Koma ambiri imelo anakutsegulirani ndi mdzukulu, ndipo anaikapo nambala yake, mwinanso ya +265 ya kumudzi. Muimbireni akhale ndi foni m'manja, akuwerengereni manambalawo akangofika, chifukwa sakhalitsa. Ngati simu inatayika, pitani ndi chitupa ku ofesi ya kampani yanu ya foni mukapemphe simu ina ya nambala yomweyo. Chitani msanga, nambala yokhala nthawi yaitali osagwira ntchito amaipereka kwa munthu wina.

Zikakanika, dinani Try another way. Adzatumiza manambala ku imelo ina imene inalembetsedwa ngati yothandizira. Nthawi zina amati dikirani maola kapena masiku angapo. Dikirani ndithu, si chinyengo.

Chinyengo ndi ichi: munthu kukuimbirani kapena kulemba pa WhatsApp kuti ndi wa ku Google, mumuuze manambala mwalandirawo. Google siimba foni kupempha zimenezo. Ameneyo ndi wakuba, dulani foni.

Mukalowa, sankhani pasiwedi yatsopano ya zilembo ndi manambala osachepera 8, osati dzina la mdzukulu kapena chaka chimene munabadwa. Ilembeni m'kabuku kamene mumasungira limodzi ndi chitupa. Tsiku lomwelo pitani pa Manage your Google Account, dinani Security, muikepo nambala imene muli nayo panopa ndi imelo ya mwana wanu womukhulupirira.

Amene zakuvutanibe, bwerani ndi foni yotchaja ndi chitupa Lamulungu likudzali, mudzandipeza pakhonde mapemphero akatha.