Kamzere kamodzi

Masiku anakwana 9 Thoko osaona kumwezi. Sanauze munthu, ngakhale mayi ake ku Jali amene amawauza chilichonse, amangowerenga masiku pa kalenda ya mufoni n'kuwerenganso ngati mwina penapake waphonya. Tadala anali ndi miyezi 10, mano awiri okha, akuyamwabe usiku ngati alibe mawa.

Lachinayi magetsi anazima madzulo ndiye anaphikira pambaula pakhonde, mwana ali kumbuyo. Yamikani anafika mdima utagwa, chikwama cha zida zake zokonzera mafoni chili paphewa, atanyowa ndi kamvula kowaza kochokera kuphiri, inu mukudziwa Zomba mvula yake siifuna chifukwa. Anadya nsima ya matemba mwakachetechete mpaka Thoko anatulutsa kapaketi m'chitenje n'kukaika patebulo pafupi ndi kandulo.

"Ichi ndagula kufamase. Ndiyeza mawa m'mawa."

Yamikani anasiya mbamu m'mbale. "Mukutanthauza kuti..."

"Sindikutanthauza kanthu bambo a Tada, ndangoti ndiyeza."

"Koma si mukuyamwitsa? Paja amati woyamwitsa satenga?"

"Amatero ndani? Anzanu a kudepoti?" Thoko anaseka koma osati kuseka kwenikweni. "Kusikelo anatiuza kalekale, zimenezo zimagwira mwana asanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha, komanso iwe usanayambirenso kusamba. Uyu phala anayamba liti? Ine ndinayambiranso ali ndi miyezi 7. Makondomu aja munati mugula ali kuti?"

Makondomu aja anatha mu Janyuwale ndipo onse awiri amadziwa.

Usiku umenewo palibe anagona. Nyumba yake ya ku Matawale ija, chipinda chimodzi ndi pabalaza, khoma lopyapyala loti aneba akatsokomola umayankha, ndiye amayankhula monong'ona, Tadala ali pakati atatambasula miyendo ngati ndiye amalipira lendi.

"Zikakhala kuti zilipo ndiye mwasangalala," anatero Thoko. "Mayi anu aja sasiya, foni iliyonse, wachiwiri liti, wamwamuna liti, ana azikulira limodzi."

"Ine? Ndisangalale ndi chani?"

"Simunawayankhepo ngakhale kamodzi. Mumangoseka."

"Nanga munthu ungawayankhe bwanji mayi? Ine ndimaona ngati inuyo ndi amene mukufuna, tsiku lija kutchalitchi munanyamula khanda la eni mpaka osafuna kubweza."

"Kunyamula khanda la eni ndi kufuna mimba?"

Anakhala chete, kenako Yamikani anayamba kuseka chamumtima bedi mpaka kugwedezeka, Thoko anamutsina. Zaka 2 ali m'banja, anakambirana za mipando, za poto wa magetsi, za dzina la mwana anakangana sabata yathunthu, koma zoti ana akhale angati komanso atalikirane bwanji aliyense amangoganizira mnzake.

Ndiye Yamikani anayamba kuwerenga pa zala mumdima momwemo. Lendi yakwera kawiri chaka chimodzi. Mapampasi. Ngongole ya kubanki m'khonde imene anagulira makina otenthetsera mafoni isanathe. Anati iye kwawo ku Thondwe anabadwa 8, iye wachisanu, ndipo chimene amakumbukira ndi chakuti nsapato yoyamba anavala ali sitandade 6, yosiyiridwa ndi achimwene ake, yaikulu moti amaikamo mapepala kutsogolo.

Thoko sanawerenge ndalama. Ananena za achemwali ake amene anatumbiza, mwana ali ndi miyezi 8 mimba ina, anamuchotsa kubere msangamsanga chifukwa agogo anati mkaka wawonongeka, mwana uja anangotsala mutu ndi mimba, miyezi iwiri ali kuchipatala, anthu kumudzi n'kumati ndi tsempho. "Ine ndinali ndi zaka 14, ndine ndinkamubereka. Sindifuna Tada adzaone zimenezo. Komanso ine thupi silinabwerere, msana umandipwetekabe ndikaima nthawi yaitali pabolodi. Ndipo ku Domasi ndikufuna ndipite, dipuloma ija ndisamangoinena pakamwa, ndikhale ticha wa pulaiveti wolandira tindalama tomweti mpaka liti?"

Izi za msana Yamikani samazidziwa. Zinamukhudza kuposa zonse, sanayankhe, anangofufuza dzanja lake mumdima.

Kunja kusanayere Thoko anadzuka ndi tochi ya foni kupita kubafa. Yamikani anaima pakhomo atafunda chitenje cha mkazi wake, tambala wa aneba akulira, ndipo mphindi zimenezo anapemphera mapemphero onse amene amawadziwa mpaka ena a pachakudya. Thoko anatuluka n'kumupatsa kachipangizo kaja osanena kanthu.

Kamzere kamodzi.

"Kamodzi ndiye kuti chani?"

"Ndiye kuti Lolemba mutseka kabenchi kanu, tipitira limodzi kuchipatala. Sindipita ndekha ngati mwanayu ndinamutola."

Apa ndiye panayambira mkangano weniweni, wa masiku atatu. Yamikani amati zaka 2 zakwana, Tadala akamayamba nasale wina azibwera, kuti iwo asadzakalambe akulipirabe fizi. Thoko amati 5, osachotsera. Loweruka anakwera mpaka ku damu la Mulunguzi kuti akapitidwe mphepo, anagula masitiroberi kwa anyamata a m'mbali mwa msewu, Tadala anadzipaka kumaso konse, ndipo potsika anali akukanganabe, mmodzi 3 wina 4, ngati akutsatsana mtengo wa kaunjika.

Lolemba pabenchi ya zakulera mwamuna anali iye yekha. Azimayi amamuyang'ana n'kumagwirana, wina mpaka anati "achimwene mwasochera, kwa mano ndi uko." Yamikani anangoti mwana khwaa pachifuwa n'kuyang'ana pansi.

Anesi ake anali mayi wachikulire wa magalasi, wosathamanga. Anamuyezanso Thoko kuti atsimikize zoti alibe pathupi, anati kusamba kumasokonekera munthu akamayamwitsa, kenako anayala zinthu patebulo. Jakisoni wa depo, miyezi 3 iliyonse, koma ukasiya ena amatenga miyezi yambiri ndithu asanatenge pathupi. Mapiritsi, tsiku ndi tsiku osaiwala. Thoko anapukusa mutu, munthu woiwala ndi makiyi omwe. Lupu, zaka 10 kapena kuposa. Ndiye tapamkono, impulanoni kamodzi ka zaka 3, jadele tiwiri ta zaka 5.

"Chimene timalangiza ife, papite zaka zosachepera 2 chibadwire mwana musanatenge pathupi pena. Kupitirira apo ndi nkhani ya inu awiri."

Yamikani anakanda kumutu. "Amayi, pepani, ndimve nawo. Amati timeneti timayenda m'thupi mpaka kumtima, komanso munthu sadzaberekanso."

"Bambo, kamakhala pansi pa khungu pomwepa, mudzakagwira nokha ndi chala. Tsiku limene mwagwirizana mubwere tidzachotse, ngakhale zaka zisanakwane, kubereka kumabwerera msanga. Chimene ndisakubiseni ndi kusamba, kumasintha. Ena amadontheza, ena amasiyiratu. Zikakuvutani mubwere, osakachotsetsa kwa munthu wamba."

Thoko anayang'ana mwamuna wake. "Ka zaka 3. Kakamatha Tada adzakhala akukwanitsa 4. Pamenepo tidzakhalenso pansi."

"Ndiye kuti mwawina ndinu."

"Ndinati 5 ine."

Potuluka mkono uli ndi bandeji, Yamikani ndiye anabereka mwana, chitenje anamanga mopotoka Tadala mutu uli pambali, a kabaza pageti akumuimbira m'manja. Asanafike pamsewu waukulu foni inalira m'thumba. Anaitulutsa, anayang'ana dzina, anamuonetsa Thoko.

"Yankhani," anatero Thoko. "Ndipo lero musaseke."

Yamikani anameza malovu. "Halo mayi... eee tadzuka, kaya inu... ali bwino, ali kumsana kwangaku. Ayi mayi, kumsana kwa ine. Imani kaye ndikuuzeni komwe tikuchokera."