Chidziwitso kwa makasitomala athu onse: laputopu ya ofesi yabedwa

Mangochi, 19 Malichi 2025

Okondedwa makasitomala athu,

Takulemberani kuti nkhaniyi muimve kwa ife eni ake, isanakupezeni ngati mphekesera pamsika. Usiku wa Lachisanu pa 14 Malichi akuba anathyola ofesi yathu ya pa Boma n'kutenga laputopu imene alangizi a ngongole amayenda nayo ku Makawa, Malindi ndi Namwera.

M'laputopumo munali mndandanda wa makasitomala 640 amene anatenga ngongole kuyambira Januwale 2024: mayina, midzi, manambala a foni, zithunzi za chiphaso cha unzika, ndalama zimene munakongola ndi zimene zatsala. Mayina a mboni zanu analimonso. PIN ya Airtel Money kapena ya Mpamba munalibe, chifukwa sitisunga PIN ya munthu.

Pakali pano palibe chosonyeza kuti wina watsegula mndandandawo. Mwina akubawo ankangofuna katundu wogulitsa. Koma sitikunamizani: laputopuyo inali ndi pasiwedi, pomwe fayiloyo payokha inali yosakhoma, ndipo munthu wodziwa makompyuta angathe kuiwerenga. Apa tinalakwitsa ndife, ndipo tikupepesa.

Loweruka m'mawa tinakanena kupolisi ya Mangochi, ndipo Lolemba tinadziwitsa bungwe la MACRA, lomwe limayang'anira lamulo la 2024 loteteza zinsinsi za anthu. Mapasiwedi onse tasintha, mafayilo a m'makompyuta otsala takhoma, ndipo mlangizi sadzatulukanso mu ofesi ndi mndandanda wonse. Kaundula wa ngongole ali bwinobwino, zonse zimene munabweza zinalembedwa.

Chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi mafoni achinyengo. Munthu akhoza kukuimbirani, n'kutchula dzina lanu, mudzi wanu, ngakhale ngongole yanu ndendende, kenako n'kunena kuti nambala yobwezera yasintha. Wodziwa zonsezi amamveka ngati wa ku ofesi, n'chifukwa chake tikukuchenjezani. Nambala yobwezera sinasinthe, ndi yomwe ija ili pa pepala lanu la mgwirizano. Wina akakufunsani PIN kapena manambala obwera pa meseji, dulani foni. Ife sitifunsa zimenezo. Simu yanu ikangosiya kugwira popanda chifukwa, pitani msanga ku Airtel kapena TNM ndi chiphaso chanu.

Chonde auzeninso mboni zanu, komanso anzanu a pagulu amene ali kunyanja kapena amavutika kuwerenga meseji.

Ofuna kudziwa ngati dzina lawo linali pa mndandandawo abwere ku ofesi ndi chiphaso, Lolemba mpaka Lachisanu, 8 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo. Pa foni sitiyankha funso limeneli, poopa kuuza munthu wolakwika. Tidzakulemberaninso pa 2 Epulo kukuuzani pamene kafukufuku wafika, laputopuyo itapezeka kapena ayi.

Ine wanu,
Manijala wa ofesi ya ngongole, Mangochi Boma