Mawu a mtsogoleri wa ogwira ntchito pa kopaletivi ya alimi a mpunga ku Nkhotakota, asanatsegule msika wa chaka chino

Mwadzuka bwanji nonse. Zikomo a Tcheya potipempherera, zikomonso inu amene mwalawirira kuchokera mbali ya Bua ndi Dwangwa kuti tiyambe pa nthawi yake. Alembi a m'madepoti, a kunkhokwe, a kuchigayo, madalaivala, alonda, ndi a muofesi yowerengera ndalama, ndapempha kuti lero mukhalepo nonse, chifukwa nkhani ya mabuku si ya alembi okha ayi.

Mpunga wacha, alimi ayamba kumweta, ndipo sabata yamawa masikelo athu akhala ali m'madepoti. Tisanafike kumeneko ndikufuna tigwirizane za kalembedwe.

Tatsatirani thumba limodzi. Mlimi walibweretsa pa njinga, mlembi walikweza pa sikelo n'kulemba. Lole yabwera, dalaivala wasaina. Lafika kunkhokwe, wina walilandira. Lapita kuchigayo, latuluka woyera, lapakidwa m'mapaketi, lagulitsidwa ku Lilongwe. Mwa anthu onsewa, amene anamuona mlimi uja ndi maso ndi mmodzi yekha. Ena tonse timamudziwira pa pepala. Mayi amene amatumiza ndalama muofesimu sanalione thumbalo ndipo sadzaliona. Chimene ali nacho ndi mzere umodzi umene inu munalemba dzuwa likuswa mtengo, anthu akukankhana pa sikelo. Mzerewo ukakhala wopindika, iwo alibe pofunsa, ndipo cholakwikacho chimayenda ndi thumbalo mpaka ku malipiro a mlimi.

Ndiyambe ndi kulemera, poti ndi pamene pamatayika ndalama zambiri. Chaka chatha mabuku anabwera ndi miyezo itatu. Depoti ina inkalemba makilogalamu, ina matumba, ndipo masiku ena m'buku munkapezeka ndowa. Aliyense payekha ankadziwa chimene akutanthauza. Koma muofesi, munthu akaona "matumba 10" amachulukitsa ndi 50 n'kupeza makilogalamu 500. Tiyerekeze kuti thumba lililonse linali la makilogalamu 47. Pa matumba khumiwo talipira makilogalamu 30 amene kulibe. Pa matumba 200 ndi makilogalamu 600, kapena tinene matumba 12 athunthu amene ali m'buku koma m'nkhokwe mulibe. Nanga akasowa matumba 12, maso a anthu amapita kwa ndani? Amapita kwa mlonda, amapita kwa dalaivala. Anthu amayamba kunong'ona za munthu amene sanabe ngakhale njere imodzi, pamene vuto linayambira pa cholembera. N'chifukwa chake ndati alonda ndi madalaivala akhale nafe pano. Chaka chino muyezo ndi umodzi: makilogalamu, monga momwe sikelo yaonetsera, thumba ndi thumba. Ikaonetsa 47, lembani 47. Musakweze kuti musangalatse mlimi, musatsitse kuti musangalatse ofesi. Ndowa tisiyire mavenda.

Tsono pali dzina la mlimi. Kuno munthu mmodzi amatha kukhala ndi mayina atatu: la pa chiphaso cha unzika, la kumudzi, ndi lina limene mlembi amamudziwa nalo chifukwa anakulira limodzi. Lero mwalemba la kumudzi, mawa mwana wake wabweretsa mpunga ndipo mwalemba la mwanayo. Kompyuta sidziwa chibale. Imaona alimi awiri. Ngongole ya feteleza imakhala pa dzina lina, mpunga wobwezera ngongoleyo uli pa dzina lina, ndiye kumapeto kwa chaka timapita kukalonjerera munthu amene anabweza kalekale. Taganizani manyazi ake, mayi wachikulire akutchulidwa pa msonkhano kuti ali ndi ngongole, anthu a m'mudzi mwake akumva. Mayi oterowo chaka chinacho amakagulitsa kwa mavenda, ndipo ine sindingawadzudzule. Membala aliyense ali ndi nambala. Nambalayo iyambe, dzina libwere pambuyo, lolembedwa monga liliri pa chiphaso. Nambala ya foni yolandirira ndalama muziiwerenga mokweza mwini wake akumva, kenako iye avomere. Ndalama ikalowa pa Mpamba kapena Airtel Money ya munthu wina, kuibweza kwake mukukudziwa.

Za tsiku sinditaya nthawi. Tiyambe ndi tsiku, kenako mwezi, kenako chaka, nthawi zonse. Wina akalemba 5/6 kutanthauza pa 5 Juni, mnzake n'kulemba 6/5 kutanthauza tsiku lomwelo, muofesi timawerenga masiku awiri otalikirana mwezi wathunthu. Mitengo simakhala pamodzimodzi nyengo yonse. Mukukumbukira mmene zinthu zinasinthira mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti. Tsiku ndi limene limatiuza mtengo umene mlimi ayenera kulandira.

Mtundu wa mpunga nawo ulembedwe pa mzere uliwonse. Kilombero ndi Kilombero, Faya ndi Faya, Pusa ndi Pusa. Kungolemba kuti "mpunga" n'chimodzimodzi kusalemba. Wogula wa ku Lilongwe amalipira mtengo wokwera chifukwa cha fungo la Kilombero, ndipo akapeza kuti m'paketi mwasakanikira, sabwera kudzakangana nafe, amangosiya kuyimba foni.

Tsopano ndifike pa chinthu chimene ambiri amachiona ngati chaching'ono, mpata wosiyidwa wopanda kanthu. Fomu yathu ili ndi malo olembapo chinyezi. Chaka chatha malo amenewa ankabwera oyera masamba ambirimbiri. Ine ndikaona poyera, ndiganize chiyani? Kuti mpunga unali wouma bwino, kapena kachipangizo koyezera kanafa batire, kapena mlembi anatanganidwa n'kuiwala? Zitatuzi zimafuna mayankho atatu osiyana, koma pa pepala zimaoneka chimodzimodzi. Mpunga wosapuntha umasungika bwino chinyezi chikakhala cha m'ma 14 peresenti kutsika m'munsi. Ukalowa m'nkhokwe uli wonyowa, umapepuka pamene ukuuma, mwinanso kuchita nkhungu. Tsono a kunkhokwe akadzaukwezanso pa sikelo n'kupeza kuti wachepa, umboni woti chinachoka ndi madzi uli pa malo amene munasiya poyera paja. Ngati simunayeze, lembani kuti "sindinayeze" ndi chifukwa chake. Tsiku limene simunagule kanthu, lembani ziro, ndipo fomu ya tsikulo itumizidwebe. Ziro amandiuza kuti munalipo koma alimi sanabwere, ndiye ndifufuze ngati mavenda atiposa mtengo m'dera lanulo. Fomu ikapanda kubwera ndimangoyesa kuti yatayika panjira.

A kuchigayo, nkhaniyi ndi yanunso. Pa makilogalamu 100 a mpunga wosapuntha timayembekeza woyera wapakati pa 60 ndi 70, zotsalazo ndi mankhusu ndi madeya. Mukamalemba cholowa ndi chotuluka pa ulendo uliwonse, tsiku limene nambala yatsika timadziwa msanga kuti makina akuphwanya mpunga kapena mpungawo unauma mopitirira. Mukamalemba kamodzi Loweruka kuchokera m'mutu, timadzazindikira mwezi utatha, mpunga wosweka utadzaza kale matumba.

Ndipo ili la kulemba kuchokera m'mutu ndilo ndikulikana kwambiri. Ndikudziwa mmene zimakhalira. Mzere ndi wautali, mlimi akufuna abwerere kumunda mbalame zisanamalize mpunga wotsala, ndiye mumalemba pa chikhatho kapena pa kachidutswa ka katoni kuti mudzakopere madzulo. Madzulo mwatopa, thukuta lafufuta nambala, 1 akuoneka ngati 7. Palibe mwa inu amene amafuna kunama, koma chimene mumalemba usikuwo chimakhala chongoganizira. Bola mzere uchedwe. Thumba lisatsike pa sikelo mzere wake usanalembedwe m'buku, ndipo mlimi asachoke wopanda risiti. Amene muli ndi matabuleti, buku la pepala liyambe, tabuleti itsatire. Netiweki imathawa, magetsi amazima, koma buku limakhalapo. Mukalakwitsa, dulani ndi mzere umodzi kuti nambala yakale ionekebe, lembani yolondola pambali, musaine. Osafufuta, osamata, osang'amba tsamba. Tsamba long'ambidwa, ngakhale linang'ambidwa mosaganiza zoipa, oona za mabuku akafika amaliwerenga ngati chinyengo.

Mwina wina akuti mumtima, zonsezi n'zothandiza ofesi, ine ndipindulanji? Ndalama yogulira mpunga timabwereka ku banki, ndipo a banki safunsa ngati ndife anthu abwino, amafunsa mabuku a chaka chatha. Mabuku akasemphana, ngongole imachedwa kapena kuchepa, msika timatsegula mochedwa, mpunga wabwino mavenda atatenga kale. Malipiro anu ndi anga amachokera pa mpunga womwewo. Bonasi ya mamembala imagawidwa potengera makilogalamu amene aliyense anagulitsa, ndipo pa msonkhano waukulu wa pachaka a Tcheya amaimirira kutsogolo kwa alimi ndi manambala amene inu munalemba. Mlimi mmodzi akatulutsa risiti yosemphana ndi buku, onse otsala amayamba kukayikira zawo. Palinso ichi: tsiku limene munthu adzakulozeni chala kuti munadya mpunga wake, ine sindidzakhala ndi chokutetezerani china kupatula buku lanu.

Sindikukusenzetsani katundu ine n'kuyenda manja ali m'thumba. Ofesi ikulonjeza izi. Depoti iliyonse ilandira buku latsopano la masamba a manambala, mabuku a risiti okhala ndi kaboni, zolembera zokwanira, ndi mabatire a kachipangizo ka chinyezi. Masikelo onse ayesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards ndipo ali ndi chidindo, choncho sikelo ikayamba kuchita zachilendo, imitsani kugula n'kundiyimbira, musaikonze nokha. Mafomu azitengedwa ndi lole tsiku lililonse lotenga mpunga, dalaivala ndi mlembi awerengere limodzi matumba, onse awiri asaine lole isananyamuke. Ifenso muofesi tizikubwezerani yankho. Lachisanu lililonse muzilandira chiwerengero cha depoti yanu monga tachilowetsera mu kompyuta, kuti muchifanizire ndi buku lanu. Pakakhala kusiyana tikonze sabata yomweyo, mlimi akadali kukumbukira tsiku limene anabwera.

Pamene simukumvetsa, funsani. Safunsa anadya phula. Amene wayimba foni kufunsa kuti apa ndilembe bwanji sadzadzudzulidwa, ngakhale afunse chinthu chomwecho kangapo. Amene ndidzalimbane naye ndi wodzaza fomu ndi manambala opeka kuti ioneke yokongola. Alembi akale, anzathu atsopano mwawaona akhala kumbuyoko. Sabata yoyamba aliyense wa iwo akhale pa sikelo ndi mmodzi wa inu, ndipo muwaphunzitse kalembedwe aka tagwirizana lero, osati kamene munazolowera.

Tikamwa tiyi, panjapo pali sikelo ndi matumba asanu a mitundu yosiyana. Aliyense, kuphatikizapo ine ndi a muofesi, akweza matumbawo n'kudzaza fomu payekha osaonera mnzake, kenako tifanizira mafomu onse pa tebulo ili. Tikapeza awiri osiyana, tikhala pompo mpaka tidziwe pamene asiyanira. Mabuku mulandira tikamaliza zimenezo, aliyense asainire lake.

Zikomo kwambiri. Ngati pali mafunso, tiyambe ndi a ku Dwangwa poti ulendo wawo wobwerera ndi wotalikirapo.