Pulani ya ukwati wongoyerekeza wa pa 1 Ogasiti: tifolere sukulu ya mkombaphala mvula isanagwe

A tcheya, mamembala nonse a komiti, zimene tinagwirizana Loweruka lija pa 6 Juni ndazilemba pano monga munandituma, werengani mpaka kumapeto chonde, osangowerenga mzere woyamba nkunena kuti ndaona.

Nkhani ndi yomwe ija. Denga la sukulu yathu ya mkombaphala linasasuka ndi mphepo mu Januwale, kuchokera nthawi imeneyo ana 63 akuphunzirira mtchalitchi ndipo tsiku limene azimayi a chigwirizano ali ndi zochitika ana amabwezedwa kunyumba phala asanamwe nkomwe. Tikufuna pofika pa 30 Seputembala denga likhale litakwera, chifukwa Okutobala akangodutsa amisiri onse amakhala bize kufolera nyumba za anthu ndipo mitengo imakwera. Njira imene tasankha ndi ukwati wongoyerekeza, Loweruka pa 1 Ogasiti pa bwalo la pulaimale. Tsikuli sitinangolitola ayi, aphunzitsi ndi ena apantchito amakhala atangolandira kumene, a fodya ndalama ikadali mthumba, soya ndi mtedza anthu agulitsa, komanso kulibe mvula yoti itibalalitse.

Tiyambe ndi ndalama poti ndi pamene timakanganirana nthawi zonse.

Denga lenilenilo, malinga ndi koteshoni imene a zomangamanga anakatenga pa Mponela: malata 40 a 28 geji pa K36,000 limodzi ndi K1,440,000, matabwa K520,000, misomali ndi waya K160,000, simenti matumba 6 pa K35,000 ndi K210,000 yomangirira pamwamba pa khoma pamene panagumuka, kalipentala ndi bilidala K300,000, thiransipoti K70,000. Zonse K2,700,000. Tawonjezerapo K270,000 yapadera chifukwa koteshoni ya Juni siikhala yomweyo mu Ogasiti, nonse mukudziwa mmene zinthu zikukwerera. Ndiye denga ndi K2,970,000. Ena ananena kuti tigule 32 geji ndi otchipa, komiti yakana, amene anauluka aja anali omwewo ndipo tinakawatola mmunda mwa eni atapindika ngati pepala.

Mwambo nawo ukufuna zake: zimkuzamawu ndi jenereta K120,000, petulo wa jenereta K40,000, tenti ndi mipando 100 K90,000, keke K60,000, kusindikiza makadi ndi maenvelopu K35,000, mpamba wa zakudya zogulitsa K150,000, mayunitsi ndi mayendedwe K25,000. Pamodzi K520,000 ndipo siidutsa pamenepo. Amene akufuna kuwonjezera mabaluni kaya wojambula vidiyo apeze yekha wolipira, atiuze tiwombe mmanja.

Kuphatikiza ziwirizi tikusaka K3,490,000, tingoti mamita atatu ndi hafu. Kumene ichokere tawerengera motere. Mu akaunti muli kale K310,000. Ife a komiti tilipo 14, aliyense K20,000, ndi K280,000. Makadi 200 pa K3,000 ndi K600,000. Perekaniperekani tikuyembekeza K1,100,000. Zakudya K300,000, keke K250,000, makalata opita kwa a mashopu ndi ana akuno amene ali ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni K650,000. Papepala zikukwana ndendende koma ndisaname, nambala ya perekaniperekaniyo ndi yokokera, ine mtima wanga uli pa makadi ndi makalata chifukwa zimenezo zimalowa tsiku lisanafike. Tikafika pa 25 Julayi tili ndi ndalama yochepera K1,500,000 mmanja tidziwiretu kuti tidzafolera mbali imodzi.

Tsopano maudindo. Ulendo uno ntchito iliyonse ili ndi mwini wake mmodzi amene tidzamufunse. Mukukumbuka bigi woku ya chaka chatha tinkati tonse tichita, mapeto ake madzi akumwa sanabwere, kalata ya kupolisi inapita mochedwa ndipo aliyense amaloza mnzake.

A tcheya ndi amene akuyendetsa misonkhano, kukaonana ndi a gulupu komanso a VDC, ndi kusaina nawo ndalama ikamatuluka. Achiwiri awo atenga za mlendo wolemekezeka ndi ndondomeko ya tsikulo. Pa mlendo tinagwirizana kuti tisathamangire dzina lalikulu limene lidzafike 4 koloko nkulonjeza matumba 50 a simenti osaoneka, bola munthu wapafupi amene adzabwere ndi envelopu mmanja. Komanso palibe nsalu ya chipani pa bwalo, aliyense abwere ngati kholo.

Ine mlembi ndili ndi makalata, maminitsi ndi kaundula wa makadi. Khadi lililonse lili ndi nambala, 001 mpaka 200, mukatenga makadi 10 mukusainira manambala ake, ndipo pa 25 Julayi mukubweza ndalama kapena khadi. Za ndinapatsa achimwene adzalipira mawa sindilandira, achimwenewo ndi ngongole yanu.

Amayi a tresha ndi amene ali ndi ntchito yolemera ndiye pano ndikhalitsepo pang'ono. Ndalama iliyonse yolowa ilembedwe lisiti, ngakhale K500. Yotuluka isainidwe ndi anthu awiri mwa atatu, a tcheya, a tresha ndi mlembi. Otumiza pa Airtel Money kapena Mpamba atumize pa laini ya komiti imene foni yake imakhala ndi a tresha, osati pa nambala ya membala ngakhale ali m'bale wanu, ndipo Lolemba lililonse a tresha aziwerenga zimene zalowa tonse tikumva. Pa tsikulo padzakhala tebulo la makeshiya atatu, awiri osintha ndalama mmodzi wolemba, ndi anyamata anayi otola ndi malichero. Ndalama yogwa pansi imapita pa tebulo basi, siidutsira mthumba la munthu, ndipo palibe kutapa pa lichero kuti tilipire wa zimkuzamawu kapena tigulire alendo fanta. Chaka chatha ndi pomwepa pamene tinagwera, ndalama inayamba kugwira ntchito isanawerengedwe ndipo mpaka lero palibe amene angatchule kuti tinapeza zingati, anthu mmudzimu akutinenabe. Ngongole zonse za mwambo zikhale zitalipidwa pofika Lachisanu. Tikamaliza kuwerenga pamaso pa nthumwi ya a mfumu ndi kholo limodzi losakhala la komiti, a MC alengeze nambala pompo anthu asanabalalike.

Chenje musachiiwale. Perekaniperekani amakoma ndi ma K100 ndi ma K200, munthu akabwera ndi K5,000 imodzi naiponya kamodzi wathana nazo nkukakhala pansi, koma mukamusinthira avina nyimbo zitatu ndipo mwina atulutsa ina. A tresha ayambe kusonkhanitsa timapepala ting'onoting'ono ta K200,000 kuchokera kwa ogulitsa mumsika sabata ziwiri tsiku lisanafike.

Zakudya zili ndi amayi a mpando wa komiti ya makolo. Mpunga wa nkhuku, tchipisi, mandasi, thobwa, zonse ndi zogulitsa, komiti nayo igula. Aulere ndi mlendo wolemekezeka, mafumu ndi akwati basi. Makolo alonjeza nkhuni, chimera ndi nkhuku 12, ndiye K150,000 ija ndi ya mpunga, mafuta ophikira, mbatatesi ndi zakumwa.

Malo, tenti, mipando ndi zimkuzamawu zili ndi a hedi. Jenereta ibwere ngakhale magetsi atakhalapo mmawa. Chitetezo atenga a tcheya a komyuniti polisi, iwowa ndi amenenso akasiye kalata kupolisi chifukwa mdipiti wa akwati udutsa pang'ono mu M1 pochoka pa tchalitchi. Kulengeza kuli ndi achinyamata, mmatchalitchi ndi ku mzikiti masabata atatu otsatizana komanso tsiku la msika.

Akwati. Apa tinaseka mpaka misozi koma tagwirizana, mkwati ndi abambo a butchala aja, mkwatibwi ndi agogo aakazi ophika phala la ana, ankhoswe ndi a hedi ndi a sisitala a kuchipatala. Anthu amalipira kuti adzaone zoseketsa, agogo atavala velo akukana kumwetulira mpaka wina aponye K2,000, ndalama ili pamenepo. Koma achiwiri kwa tcheya apite kaye akapemphe kwa mayi a kunyumba kwa abambo a butchala mwaulemu, tisadzamange denga nkupasula banja la eni. Diresi ndi suti ndi zobwereka, palibe bajeti yake. A MC ndi aphunzitsi a sitandade 8 aja, aitane magulu mmodzimmodzi, a kabaza paokha, a mashopu, azimayi a banki mkhonde, amene anaphunzirapo pa mkombaphala pomwepa, akuchimuna ndi akuchikazi apikisane. Keke igulitsidwe cha mma 3 koloko anthu asanayambe kuthawa.

Masiku ake ndi awa, lembani penapake.

13 Juni, makalata ayambe kutuluka, ya a gulupu ikhale yoyamba. 20 Juni, K20,000 ya membala aliyense ikhale italowa, imeneyi ndi imene tiyambire kulipira madipoziti, sitikhudza K310,000 ya mu akaunti. 27 Juni makadi agawidwe. 4 Julayi dipoziti ya tenti ndi zimkuzamawu, mwezi umenewu maukwati enieni ndi ambiri tikachedwa tipeza zonse zatengedwa. 11 Julayi tikumane tione pamene tafika, amene wagulitsa makadi ochepera theka atiuze vuto tigawireko ena. 18 Julayi kalata ya kupolisi ndi oda ya keke. 25 Julayi kutseka makadi ndi kuyeserera mdipiti. 31 Julayi masana kukhoma tenti, kusesa bwalo, kugula zophika. 1 Ogasiti komiti ifike 7 koloko, mdipiti unyamuka 10 koloko, perekaniperekani 1 koloko mpaka hafu 4.

Ndalama siigona kunyumba kwa munthu mmodzi osadziwika kuchuluka kwake, ikawerengedwa isainidwe ndi anthu anayi, Lolemba pa 3 Ogasiti a tresha ndi a tcheya akaike ku banki ndipo silipi tiione tonse. Pa 8 Ogasiti lipoti lonse liwerengedwe pa msonkhano wa makolo ndipo kope imodzi imatidwe pa chitseko cha sukulu, ina ipite kwa amene anatumiza ali kutali. Malata ndi matabwa tigule sabata yomweyo mitengo isanasinthe, apite anthu atatu osati mmodzi. Kalipentala ayambe pa 17 Ogasiti, alandire theka poyamba, theka lina denga likatha ndipo a zomangamanga akwera kukaona okha.

Chatsala chosamangika ndi chimodzi, galimoto yonyamula akwati. Ena akuti tibwereke ya abusa ena akuti ngolo ya ng'ombe yokongoletsedwa ndi imene ingakokere anthu, ine ndili ku ngolo poti siimwa petulo. Tidzavota Loweruka pa 13, 2 koloko mkalasi ya sitandade 8, wochedwa K500 monga mwa nthawi zonse ndipo bwerani ndi mayina a anthu asanu asanu oti tiwalembere makalata.

Mlembi wa komiti